Tsiku Limene Analonjeza Ladutsa: Mmene Mungafunsire Zotsatira za Intaviyu Mosadzichotsera Ulemu

Pamapeto pa intaviyu, wapampando wa gulu lofunsa mafunso nthawi zambiri amatseka ndi mawu akuti, "Tikudziwitsani pofika Lachisanu la sabata yamawa." Lachisanulo limafika, dzuwa n'kulowa foni ili zii, ndipo pofika Lolemba munthu amakhala akudzifunsa ngati kufunsa kungamuonongere mwayi kapena ngati kukhala chete kungachititse kuti aiwalidwe. Kufunsa n'koyenera, ndipo muli ndi chifukwa chomveka chofunsira, popeza tsikulo analitchula ndi iwo eni, osati inu. Chimene chimasiyanitsa munthu wofunsa mwaulemu ndi munthu wooneka kuti wasimidwa ndi chinthu chimene akufunsacho. Wosimidwa amafunsa ngati wapambana, pamene wodekha amafunsa pamene ndondomeko yafika ndiponso tsiku latsopano limene angayembekezere yankho. Funso loyambalo wolandira uthenga sangaliyankhe ngakhale atafuna, chifukwa alibe mphamvu youlula chigamulo chisanavomerezedwe. Funso lachiwirilo angaliyankhe m'mizere iwiri osalakwira aliyense.

Chimene chimachitika kuseri pamene inu mukudikira

Kuti mulembe uthenga wabwino, muyenera kudziwa chimene chimachedwetsa yankho, chifukwa nthawi zambiri si chimene ofunsira ntchito amaganiza. Anthu amene anakufunsani mafunso aja kawirikawiri sindiwo amalemba munthu ntchito. Iwo amapereka malikisi, n'kuika mayina mu ndandanda kuyambira woyamba, kenako mlembi wa gululo amalemba lipoti limene aliyense wa iwo ayenera kusainira. Lipotilo limapita kwa dailekitala kapena manejala wamkulu, ndipo ngati udindowo ndi waukulu limakafika ku bodi, imene sikumana sabata iliyonse. Ndiye zimangotengera kuti mmodzi mwa osainira apite kumaliro kwawo, kapena akhale kumsonkhano wa masiku anayi kunyanja, basi lipoti lagona pa desiki.

Lipoti likavomerezedwa, ofesi yoona za ogwira ntchito imayamba kulankhula ndi anthu amene woyamba pa ndandanda anawatchula kuti angamuikire umboni, ndipo ena mwa iwo amatenga sabata yathunthu asanayankhe. Kenako woyambayo amapatsidwa kalata, iye n'kupempha masiku oti aganizire kapena kuyamba kukambirana za malipiro. Panthawi yonseyi wachiwiri ndi wachitatu pa ndandanda sauzidwa kanthu, ndipo amasungidwa dala chotero, chifukwa woyamba akakana, ntchito imagwera wachiwiri popanda kulengezanso m'nyuzipepala. Choncho kukhala chete kwa olemba ntchito nthawi zina kumatanthauza kuti mudakali m'gulu la osungidwa, ndipo uthenga waukali kapena wodandaula pa nthawi imeneyi ndi umene ungakutsitseni. M'mabungwe omwe si aboma pamakhalanso chifukwa china: udindo umalengezedwa ndalama za pulojekiti zisanafike, ndipo bungwe silingapereke kontirakiti opereka thandizo asanasaine mgwirizano.

Wapampando uja potchula Lachisanu sankanama. Ankanena za nthawi imene gulu lake limalize ntchito yake, osawerengera madesiki atatu kapena anayi amene lipotilo liyenera kudutsa.

Choyamba: tsimikizani zimene ananena, ndipo onani ngati uthenga sunakuphonyeni

Musanalembe kalikonse, kumbukirani mawu enieni amene ananenedwa. "Pofika Lachisanu pa 9 Meyi" ndi lonjezo la tsiku; "pakatha sabata ziwiri kapena zitatu" ndi kungoyerekeza, ndipo pamenepo muwerengere sabata zitatu, osati ziwiri. Palinso amene amanena momveka kuti adzayimbira okhawo amene apambana. Ngati ananena zimenezi, kudutsa kwa tsikulo kwayankha kale mbali ina, ndipo muli ndi mwayi wolemba uthenga umodzi wokha, osati iwiri.

Kenako fufuzani mbali yanu. Tsegulani foda ya Spam kapena Junk mu imelo yanu, chifukwa makalata ochokera kumakina olembera anthu ntchito amagwera kumeneko kawirikawiri. Yang'anani nambala ya foni imene munalemba pa sivi: anthu ambiri ali ndi manambala awiri, ya Airtel ndi ya TNM, ndipo imene ili pa sivi ikhoza kukhala ija imene simuigwiritsanso ntchito kapena imene netiweki yake imavuta kumene mukukhala. Onaninso mafoni amene simunayankhe masiku apitawa, makamaka manambala achilendo a foni ya muofesi. Funsaninso anthu amene munawatchula kuti akuikireni umboni ngati alandira foni kapena fomu yoti adzaze. Akanena kuti afunsidwa, dziwani kuti dzina lanu lili pamwamba ndipo chimene chikufunika si kukumbutsa olemba ntchito koma kupempha okuikirani umboniwo kuti abweze fomu msanga. Nthawi zina kuchedwa kumachokera pamenepa, kwa munthu amene munamusankha nokha.

Chachiwiri: werengani masiku ogwira ntchito, osati masiku a pakalendala

Lolani kuti padutse masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito kuchokera pa tsiku lolonjezedwalo. Kulemba Lachisanu lomwelo madzulo kumaonetsa kuti munali mutagwira wotchi m'manja, ndipo kulemba Lolemba m'mawa kumachititsa kuti uthenga wanu ukwiririke pansi pa makalata onse a kumapeto kwa sabata. Kudikira kupitirira sabata imodzi nakonso kulibe phindu, chifukwa lonjezo lija limayamba kuzilala ndipo mukalitchula zimaoneka ngati mukufukula zakale.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza chimene tichitsatire mpaka kumapeto. Mayi wina anachita intaviyu ya udindo wa wothandizira akauntanti kubungwe lina lomwe si laboma ku Lilongwe, Lachiwiri pa 29 Epulo 2025, ndipo anauzidwa kuti amva pofika Lachisanu pa 9 Meyi. Tsikulo linadutsa. Pa 10 ndi pa 11 ndi Loweruka ndi Lamulungu, choncho sawerengedwa. Lolemba pa 12 ndi tsiku loyamba, Lachiwiri pa 13 ndi lachiwiri, ndipo Lachitatu pa 14 Meyi ndi tchuthi cha tsiku la Kamuzu, maofesi amakhala otseka. Tsiku labwino lolembera ndi Lachinayi pa 15, cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa, pamene anthu akhazikika pa madesiki awo koma misonkhano ya masana isanayambe. Kwa mayiyo zinkaoneka ngati padutsa masiku asanu ndi limodzi, koma kwa ofesiyo panali patangodutsa masiku awiri ogwira ntchito. Taonaninso kuti pa 1 Meyi, patangopita masiku awiri chichitikireni intaviyu, linali tchuthi cha tsiku la apantchito, kotero kuti gulu lija linali litataya kale tsiku limodzi mwa masiku amene linadzipatsa.

Mwezi wa Meyi uli ndi tchuthi kawiri, koma si wokhawo wofunika kusamala. Pa 15 Januwale, pa 3 Malichi, pa 6 Julayi ndi pa 15 Okutobala nawonso ndi masiku opuma, ndipo tchuthi chikagwa Loweruka kapena Lamulungu chimasunthira Lolemba lotsatira. Lonjezo lililonse logwa cha pakati pa Disembala mulione mosiyana, chifukwa mabungwe ambiri amatseka Khirisimasi isanafike n'kudzatsegula mu Januwale. Pamenepo lembani uthenga umodzi asanatseke, kenako mudikire mpaka sabata yachiwiri ya chaka chatsopano.

Chachitatu: lemberani munthu mmodzi, kudzera njira imene iwo anayamba

Lemberani munthu amene anakuitanani ku intaviyu, amene nthawi zambiri amakhala wa ofesi yoona za ogwira ntchito. Iyeyo ndi amene amasunga fayilo ndipo amadziwa desiki imene lipoti lili. Musalembere dailekitala pongoti munapeza imelo yake, ndipo musaike anthu onse amene anakufunsani mafunso pa CC poganiza kuti mmodzi mwa iwo achita manyazi n'kuyankha. Kutero kumaoneka ngati mukuneneza wogwira fayiloyo kwa mabwana ake, ndipo munthu amene mwamuneneza sakhala wachangu kukuthandizani. Komanso m'mabungwe ena, kulankhula ndi mmodzi wa ofunsa mafunso chigamulo chisanatuluke kumatengedwa ngati kufuna kukonderedwa, ndipo malonda ena a ntchito amanena poyera kuti wochita zimenezi adzachotsedwa pa mpikisano.

Ngati anakuitanani pa imelo, yankhani pa kalata yomweyo yokuitanani podina Reply, kuti mutu wake ndi nambala ya udindo zikhale pomwepo ndipo wolandira asavutike kukumbukira kuti ndinu ndani. Ngati anakuyimbirani foni, mukhoza kuyimba nambala ya ofesiyo nthawi ya ntchito. WhatsApp igwiritseni ntchito pokhapokha ngati iwo anayamba kukulemberani kumeneko, ndipo ngakhale zili choncho lembani uthenga umodzi wathunthu wonga kalata, osati "Moni bwana" n'kudikira kuti ayankhe kenako muzinena nkhani yanu pang'onopang'ono. Uthenga wa mawu ojambula, masitika, ndi kuyimba kwa vidiyo zilekeni. Kufulasha kapena kutumiza uthenga wopempha kuti akuyimbireni ndi chinthu chimene chimachitikadi, ndipo chimachotsa ulemu wonse umene munaupeza m'chipinda cha intaviyu; ngati mwaganiza zoyimba, gulani mayunitsi okwanira mphindi zisanu.

Kupita nokha kuofesi osaitanidwa ndiko kumaonetsa kusimidwa kuposa njira ina iliyonse. Mlonda wa pageti ndi wolandira alendo alibe yankho, ndipo wogwira fayilo akakupezani mutakhala pa benchi amakakamizika kunena kanthu pamaso panu, ndiye amangonena kuti "tikuyimbirani", mawu amene munali nawo kale.

Chachinayi: lembani uthenga waufupi wokhala ndi funso limodzi

Makalata ambiri a ntchito m'maofesi amalembedwa m'Chingerezi, ndipo muyenera kulemba m'chinenero chimene anakuitanirani; kamangidwe kake n'kamodzi m'zinenero zonse. Uthenga wa mayi uja ukhoza kukhala wotere:

"Wokondedwa Mayi, ndikuthokozanso chifukwa cha mwayi umene munandipatsa wochita intaviyu ya udindo wa wothandizira akauntanti Lachiwiri pa 29 Epulo. Pamapeto pake wapampando ananena kuti zotsatira zikhoza kutuluka pofika pa 9 Meyi, choncho ndikulemba kuti ndidziwe ngati ndondomekoyi idakali mkati, ndiponso tsiku limene ndingayembekezere kumva. Chidwi changa pa udindowu chidakalipo, makamaka titakambirana za ntchito yokonza malipoti a ndalama a pulojekiti yatsopano ija. Ngati pali zikalata zina zimene zikufunika kuchokera kwa ine, ndizitumiza tsiku lomwelo. Ine wanu,"

Pansi pake alembe dzina lake lonse monga lilili pa sivi, ndi nambala ya foni imene imagwira.

Chiganizo chilichonse mu uthengawu chili ndi ntchito yake. Choyamba chikutchula udindo ndi tsiku, chifukwa ofesi imodzi ikhoza kukhala ikulemba dalaivala, akauntanti ndi alangizi a zaulimi nthawi imodzi. Chachiwiri ndiye mtima wa kalatayo, ndipo pamenepa kasankhidwe ka mawu n'kofunika kwambiri. Mayiyo sanalembe kuti "munalonjeza koma simunandiyimbire", mawu amene amaika wolandira pa mlandu. Walemba kuti wapampando ananena kuti zotsatira "zikhoza kutuluka", zimene zikukumbutsa tsikulo popanda kuloza chala. Funso lake likhoza kuyankhidwa ndi munthu wamng'ono kwambiri muofesiyo. Chiganizo chachitatu chikusonyeza chidwi kamodzi kokha, ndipo chikuchimangirira ku chinthu chenicheni chimene anakambirana, zimene zimakumbutsa wowerenga nkhope yake pakati pa anthu asanu ndi mmodzi amene analowa tsiku limenelo. Chachinayi chikupereka njira yosavuta yoyankhira, chifukwa nthawi zina chimene chikuchedwetsa ndi kope la satifiketi kapena nambala ya wokuikirani umboni imene sikulowa.

Zimene siziyenera kulowamo ndi zimene ofunsira ntchito ambiri amaziona ngati zamphamvu. Musatchule kuti lendi yakwana, kuti ana akufuna fizi, kapena kuti mwakhala zaka zitatu osagwira ntchito. Mavutowo ndi enieni ndipo wowerengayo mwina angakumvereni chisoni, koma malikisi anaperekedwa kale ndipo chisoni sichiwasintha. Chimene chimasintha ndi mphamvu yanu pokambirana za malipiro, chifukwa mwaulula kuti mulandira chilichonse. Musapepese katatu chifukwa chowasokoneza, ndipo mawu onga "chonde bwana ndithandizeni" kapena "ndinu chiyembekezo changa chokha" asapezekemo. Ulemu wathu umafuna kuti munthu adzichepetse pamaso pa wamkulu, ndipo mawu akuti "Bambo" kapena "Mayi" ndi kalankhulidwe kaulemu zimakwaniritsa zimenezo; kupempha mochonderera n'kwina, ndipo kumasandutsa nkhani ya ntchito kukhala nkhani ya chifundo. Musayankhenso mwatsopano funso limene mukuona kuti munaliphonya pa intaviyu, chifukwa mungakumbutse gululo chofooka chimene linali litaiwala. Uthenga wonse usapitirire ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kuti uwerengeke wonse pafoni popanda kutsitsa.

Musanatumize, werengani dzina la wolandira ndi la bungwe kawiri. Amene akufunsira ntchito malo angapo amakopera uthenga umodzi, ndipo dzina la bungwe lina likatsalira m'kalata palibe mawu aulemu amene angakonze zimenezo.

Chachisanu: werengani yankho, kapena kusowa kwa yankho

Mayankho amene amabwera kawirikawiri ndi amitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi chochita chake. Akakupatsani tsiku latsopano, thokozani ndi chiganizo chimodzi, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pa tsikulo monga poyamba. M'chitsanzo chathu, tinene kuti Lachisanu pa 16 Meyi mayi uja analandira yankho lakuti lipoti likudikira siginecha ya dailekitala amene ali kunja kwa ofesi, ndipo zotsatira zituluka pofika pa 30 Meyi. Pamenepo sayenera kulembanso mpaka pa 30 patadutsa, ngakhale atamva kwa mnzake kuti dailekitalayo wabwera.

Akayankha kuti ndondomeko idakali mkati osatchula tsiku, dikirani masiku khumi ogwira ntchito musanalembenso. Yankho lotere nthawi zambiri limatanthauza kuti akukambirana ndi woyamba pa ndandanda kapena akudikira ndalama, ndipo wolembayo sakudziwa tsiku. Akakufunsani malipiro amene mukulandira panopa, tsiku limene mungayambe, kapena akapempha makope a masatifiketi ndi chiphaso cha unzika, ndiye kuti zinthu zikuyenda, ndipo muyankhe tsiku lomwelo ndi zonse zimene apempha m'kalata imodzi.

Pakakhala chete, dikirani sabata imodzi yathunthu, masiku asanu ogwira ntchito, kenako yesani kachiwiri. Apa ndi pamene foni imathandiza, chifukwa imelo ikhoza kukhala kuti inapita kwa munthu amene ali patchuthi. Yimbani nambala ya ofesi, nenani dzina lanu, udindo ndi tsiku la intaviyu, ndipo mufunse funso lomwe lija: "Ndimafuna ndidziwe ngati ndondomeko yolemba munthu pa udindowu yatha, kapena pali tsiku lina limene ndingayembekezere." Mukafunsa, khalani chete kuti ayankhe, chifukwa anthu ambiri amadzaza mpatawo ndi nkhani za mavuto awo, n'kuwononga pakamwa zimene anasamala polemba. Ngati munthuyo palibe, siyani dzina ndi nambala kwa wolandira foni, ndipo musayimbenso tsiku limenelo. Ngati simukufuna kuyimba, uthenga wachiwiri ukhale waufupi kuposa woyamba, pa kalata yomwe ija, wongonena kuti mukutsatira uthenga wanu woyamba uja ndipo mungayamikire kudziwa ngati udindowo wadzazidwa.

Kufunsa kawiri n'kokwanira. Ena amalangiza kuti muzikumbutsa sabata iliyonse mpaka ayankhe, koma ine sindigwirizana nazo. Bungwe limene lakusankhani silingalephere kukupezani, chifukwa likufuna munthu pa desikiyo kuposa mmene inu mukufunira yankho, ndipo uthenga wachitatu ndi wachinayi suwonjezera chilichonse pa chimene woyamba unanena. Chimene umachita ndi kusintha mmene dzina lanu likumbukiridwire muofesiyo, ndipo anthu oona za ogwira ntchito m'mizinda yathu amadziwana ndiponso amasamuka kuchoka bungwe lina kupita lina.

Pamene mwapatsidwa ntchito kwina

Pali nthawi imodzi yokha imene mukhoza kuwaikira tsiku, ndipo ndi pamene muli ndi kalata yeniyeni ya ntchito kuchokera kwina. Tinene kuti Lolemba pa 26 Meyi mayi uja walandira kalata kuchokera kukampani ina ku Blantyre, imene ikufuna yankho pofika Lachisanu pa 30 Meyi, koma mtima wake uli kubungwe la ku Lilongwe lija. Ayenera kuchita zinthu ziwiri tsiku lomwelo. Choyamba, athokoze kampaniyo ndi kupempha masiku awiri kapena atatu owonjezera kuti awerenge kontirakiti bwinobwino, pempho limene olemba ntchito ambiri salidabwa. Chachiwiri, alembere bungwe lija ngakhale kuti pa 30 sipanafike, chifukwa tsopano ali ndi nkhani yatsopano:

"Wokondedwa Mayi, ndikudziwa kuti munanditchulira tsiku la 30 Meyi. Ndikulemba lisanafike chifukwa ndapatsidwa ntchito kwina ndipo akufuna yankho langa pofika tsiku lomwelo. Udindo wa kubungwe lanu ndi umene ndikuufuna kwambiri, choncho ndisanayankhe ndimafuna kudziwa ngati n'kotheka kumva chigamulo chanu pofika Lachinayi pa 29 Meyi. Ngati sizingatheke, ndimvetsa."

Sakufunika kutchula dzina la kampaniyo kapena malipiro ake. Ngati ali woyamba pa ndandanda, uthengawu umapatsa wogwira fayilo chifukwa chokagogodera pachitseko cha dailekitala, ndipo siginecha imene inagona sabata ziwiri imapezeka tsiku limodzi. Ngati sali woyamba, kawirikawiri amamufunira zabwino pa ntchito yatsopanoyo, ndipo limenelo ndi yankho lomveka limene akhoza kuchitapo kanthu. Njirayi imagwira ntchito pokhapokha ikakhala yoona. Wopeka ntchito imene kulibe akhoza kuuzidwa kuti "pitani mukayambe, zabwino zonse", n'kutsala wopanda kuno wopanda uko, ndipo sangabwererenso kudzafunsa.

Apa ndi pofunika kuchenjezanso amene ali kale pantchito. Mawu a pafoni akuti "mwapambana, kalata ikubwera" si kalata. Malinga ndi lamulo la zantchito la chaka cha 2000, wolandira malipiro pamwezi amene ali pa kontirakiti yopanda malire a nthawi amapereka notisi ya mwezi umodzi. Mukaipereka, bwana wanu akhoza kukana kuti muibweze mukasintha maganizo. Choncho akakuuzani pakamwa, funsani tsiku limene kalata yosainidwa idzatuluke, ndipo notisi muipereke kalatayo ili m'manja, yokhala ndi udindo, malipiro ndi tsiku loyambira.

Ntchito za boma, ndi mafoni ofuna ndalama

Zonse zili pamwambazi zimagwira bwino m'makampani ndi m'mabungwe omwe si aboma. Ntchito za boma zimayenda mwanjira ina. Intaviyu zimachititsidwa ndi makomishoni monga yoona za ogwira ntchito m'boma, ya aphunzitsi, ya azaumoyo ndi ya maboma aang'ono, ndipo nthawi zambiri amafunsa anthu mazanamazana pa maudindo ofanana. Zotsatira zimatuluka pamodzi, nthawi zina patapita miyezi, kudzera m'makalata kapena m'ndandanda wa mayina umene umalengezedwa poyera, ndipo kulemba anthu kumadikira kuti ndalama za malipiro awo zipezeke mu bajeti, imene chaka chake tsopano chimayamba pa 1 Epulo. Kalata yanu singafulumizitse ndandanda wa anthu mazana atatu. Chimene mungachite ndi kufunsa kamodzi kuofesi ya komishoniyo ngati zotsatira za udindo wakutiwakuti zatuluka ndiponso kumene zidzalengezedwe, kenako muzitsatira kumeneko.

Nthawi yodikirayi ndi imenenso akuba amakolola. Munthu amayimba akudziwa dzina lanu ndi udindo umene munafunsira, n'kunena kuti dzina lanu lili pa nambala yachiwiri koma iye akhoza kulikweza, kapena kuti mwapambana koma mutumize ndalama ya yunifolomu, ya mayeso a kuchipatala kapena ya "kufulumizitsa fayilo" pa Airtel Money kapena Mpamba. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa munthu kuti amve zotsatira, ndipo satumizitsa ndalama ku nambala ya munthu. Dulani foniyo, yimbani nambala imene ili pa kalata yokuitanani ku intaviyu, ndipo muwauze zimene zachitika. Ngati woyimbayo ndi wogwiradi ntchito m'boma, nkhaniyo ndi ya bungwe lolimbana ndi katangale la ACB.

Yankho likakhala lakuti simunapambane

Yankhani kalatayo pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, ndi ziganizo zitatu: kuthokoza chifukwa chokudziwitsani, kunena kuti mungakonde kuganiziridwa udindo wofanana ukadzapezeka, ndi kufunsa ngati pali mbali imodzi ya intaviyu imene gululo linaona kuti mungaikonze. Funsani mbali imodzi, osati chifukwa chimene anakusiyirani, popeza funso lachiwirili limamveka ngati chiyambi cha dandaulo ndipo ofesi yoona za ogwira ntchito imalipewa. Ambiri sayankha, ndipo musawakumbutse. Phindu la kalatayi lili kwina: wosankhidwa uja akhoza kukana kalata, kulephera pa umboni, kapena kuchoka ali pa nthawi yoyesedwa, ndipo mabungwe ambiri zikatero amabwerera ku lipoti lomwe lija n'kuyimbira wachiwiri m'malo molipira malonda atsopano m'nyuzipepala ndi kusonkhanitsanso gulu lofunsa mafunso. Pachifukwa chimenechi, nambala ya foni imene ili pa sivi yanu ikhale yogwira kwa miyezi ingapo yotsatira, ndipo mukaisintha lemberani ofesiyo mzere umodzi pa kalata yomwe ija wowadziwitsa nambala yatsopano.